Yankho la sekiti limafika liti? Kuwerengera kuchedwa pa njira yochedwetsetsa

Sekiti yopanda chokumbukira, yomwe ili ndi mageti okhaokha a AND, OR, XOR ndi anzawo, timaiphunzira poyamba ndi tebulo la 0 ndi 1. Tebulolo limatiuza yankho, koma silitiuza nthawi imene yankholo lifike. Papepala zimaoneka ngati ukasintha cholowa, chotuluka chimasintha nthawi yomweyo. M'chipi yeniyeni sizitero. Geti lililonse limatenga kanthawi kuti voteji ya pa mwendo wake wotulukira ikwere kapena itsike, chifukwa mathiranzisita ake amayenera kudzaza kapena kukhuthula kapasitansi ya waya ndi ya mageti otsatira. Kanthawi kameneko timakayeza m'mananosekondi, pa detashiti amalemba ns, ndipo nanosekondi imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000,000,000 a sekondi. Pa nthawi imeneyo ngakhale kuwala kumangoyenda masentimita 30.

Ophunzira zamagetsi kuno ku Zomba, kaya ku Chanco kaya amene akudziphunzitsa okha ndi bolodi loyesera kunyumba, funsoli amakumana nalo kawirikawiri pa sekiti yophatikiza manambala. Ambiri amalitenga ngati samu ya kuwonkhetsa basi: werenga mageti, chulukitsa ndi kuchedwa kwa geti limodzi. Ine ndikuti ntchito yeniyeni ndi kudziwa, pa geti lililonse, kuti mwa zolowa zake ndi chiti chikufika pomalizira. Kuwonkhetsako ndi gawo losavuta.

Manambala a pa detashiti

Detashiti ya geti imapereka manambala awiri a kuchedwa. tPLH ndi nthawi yoyambira pamene cholowa chasintha mpaka pamene chotuluka chakwera kuchoka pa 0 kufika pa 1. tPHL ndi ya pamene chotuluka chikutsika kuchoka pa 1 kufika pa 0. Dziwani kuti kukwera ndi kutsikaku ndi kwa mwendo wotulukira, osati wolowera. Popeza voteji siidumpha koma imakwera motsetsereka, opanga machipi anagwirizana malo oyezera: pa machipi a mtundu wa 74LS amayeza pamene voteji yadutsa mavoti 1.3, ndipo pa a 74HC amayeza pa theka la voteji yodyetsa chipiyo.

Nambala iliyonse imabwera m'madanga awiri, TYP ndi MAX. Ya TYP ndi imene chipi wamba imachita pa tsiku labwinobwino. Ya MAX ndi imene wopangayo akulonjeza kuti chipi yake siidzapitirira. Wopanga sekiti yoti izigwira ntchito tsiku lililonse amawerengera ndi MAX, chifukwa TYP palibe amene anakulonjezani.

Tigwiritsa ntchito machipi atatu odziwika, manambala ake monga alili pa detashiti ya Texas Instruments pa mavoti 5 ndi kutentha kwa madigiri 25:

```
            tPLH max   tPHL max
74LS08 AND     15         20
74LS32 OR      22         22
74LS86 XOR   23 / 30    17 / 22
```

Geti la XOR lili ndi manambala awiriawiri chifukwa kuchedwa kwake kumadalira chimene chili pa mwendo wina uja. Mwendowo ukakhala pa 0, manambala ndi 23 ndi 17. Ukakhala pa 1, ndi 30 ndi 22. Zimenezi tizisunge kaye, zidzagwira ntchito kutsogoloku. Poyamba titenga nambala yaikulu pa geti lililonse: AND 20, OR 22, XOR 30.

Sekiti yathu

Tiphatikiza manambala awiri, A ndi B, iliyonse ya mabiti anayi. Zimayenda monga tinkachitira ku pulayimale, kuyambira kumanja: lemba iyi, sunga imodzi, imodzi yosungayo ukaiwonjezere pa danga lotsatira. Danga lililonse lili ndi mageti asanu:

```
P    = A XOR B
G    = A AND B
S    = P XOR Cin
T    = P AND Cin
Cout = G OR T
```

S ndi yankho la dangalo. Cin ndi yosunga yochokera ku danga la kumanja, Cout ndi yosunga yopita ku danga la kumanzere. G ikakhala 1 ndiye kuti dangalo labala lokha yosunga, chifukwa A ndi B onse ndi 1. P ikakhala 1 ndiye kuti dangalo lingopatsira yosunga imene lalandira. Madanga anayi tiwatchula 0, 1, 2 ndi 3, ndipo yosunga yolowa koyambirira ndi C0, yotuluka ku danga 0 ndi C1, mpaka C4 yotuluka kumapeto. Mageti onse ndi 20.

Lamulo lowerengera ndi limodzi. Nthawi imene chotuluka cha geti chikhazikike ndi nthawi ya cholowa chochedwa kwambiri, kuwonjezerapo kuchedwa kwa getilo. Zili ngati minibasi ya ku Liwonde pa depoti: amene anakwera m'mawa ndi amene wakwera posachedwa onse amanyamuka pamene mpando womaliza wadzaza. Kufulumira kwa cholowa china sikuthandiza kanthu.

```
t(out) = max( t(in1), t(in2) ) + tpd
```

Tinene kuti mabiti onse a A ndi B, pamodzi ndi C0, afika pa nthawi 0. Mu danga 0, P0 ikhazikika pa 30 ndipo G0 pa 20. Geti la T0 lili ndi zolowa ziwiri, C0 imene inalipo kale pa 0 ndi P0 yofika pa 30. Titenga 30, tiwonjezera 20, T0 yakhazikika pa 50. Geti la OR likulandira G0 pa 20 ndi T0 pa 50. Titenga 50, tiwonjezera 22, ndiye C1 yatuluka pa 72. S0 nayo idikira P0, ndipo ikhazikika pa 60.

Danga 1 ndi pamene anthu ambiri amaterereka. P1 siidikira chilichonse chochokera ku danga 0. A1 ndi B1 zinafika pa nthawi 0 monga zinzake, choncho P1 inakhazikika kale pa 30, nthawi yomweyo imene P0 inkakhazikika. Mageti amagwira ntchito onse pamodzi, sapatsana mpata ngati mizere ya pulogalamu ya pakompyuta. Pamene C1 ikufika pa 72 ipeza P1 itakonzeka kalekale, ndiye T1 ikhala pa 92, C2 pa 114. Danga limeneli langowonjezera 42, osati 72. Madanga otsalawo achitanso chimodzimodzi:

```
bit   P    G    T     Cout   S
0     30   20   50    72     60
1     30   20   92    114    102
2     30   20   134   156    144
3     30   20   176   198    186
```

Nambala yaikulu pa zotuluka zonse ndi 198, ya C4. Kumeneko ndiye kuchedwa kwa sekiti yonse. Kuti tipeze njira yeniyeniyo, timabwerera chammbuyo kuchokera pa C4, n'kumafunsa pa geti lililonse kuti ndani anafika pomalizira. Pa C4 anali T3, pa T3 anali C3, pa C3 anali T2, mpaka tifika pa T0, pomwe wochedwa anali P0 osati C0. Njira yochedwetsetsa ndiye imayambira pa A0 kapena B0, kudutsa XOR imodzi, kenako AND ndi OR kanayi. Mageti 9 mwa mageti 20.

Pali mayankho awiri olakwika amene ndimawaona kawirikawiri m'makope a ophunzira. Loyamba ndi 288, lochokera ku 72 kuchulukitsa ndi 4. Wolembayo wawerengera XOR kanayi, kuiwala kuti ma XOR a P onse anagwira ntchito limodzi pachiyambi. Lachiwiri ndi 168, la munthu amene anamva kuti vuto la sekitiyi ndi yosunga, ndiye wangotsata kuchokera pa C0 mpaka C4, 42 kanayi, n'kusiya 30 ya P0. Cholakwa choyamba chimangokutayitsani liwiro. Chachiwiri ndiye choopsa, chifukwa chikukulonjezani yankho lisanafike.

Palinso amene amangowerenga mageti, njira ya mageti ambiri n'kuitcha yochedwetsetsa. Pa sekiti yathuyi zangochitika kuti zagwirizana, koma onani mmene S3 yayandikirira: ili ndi mageti 8 ndipo yafika pa 186. XOR ikanakhala ya 45, S3 ikanafika pa 216 pamene C4 ili pa 213, ndipo njira ya mageti ochepa ikanapambana.

Mpata wa mageti ena

Kudziwa njira yochedwetsetsa kumathandiza kudziwa pamene ndalama ndi khama zingapindule. Tiyeni tione P3. Yakhazikika pa 30, koma ikufunika liti? Kuti C4 ifike pa 198, T3 iyenera kukhalapo pa 176, ndipo zolowa za T3 ziyenera kukhalapo pa 156. P3 ndiye ili ndi mpata wa 126 ns. Mutagula chipi yothamanga kwambiri n'kuika pa P3, sekiti siifulumira ngakhale ndi nanosekondi imodzi. Mukhoza kuikapo yochedwa kanayi osasintha kanthu. Geti lililonse la pa njira yochedwetsetsa mpata wake ndi 0, ndipo ndi pokhapo pamene kusintha kumaoneka.

Koma ngakhale pamenepo pali malire. S3 ili ndi mpata wa 12 wokha. Mukafulumizitsa AND ndi OR za danga 3 ndi 30 ns, C4 itsika kufika pa 168, koma sekiti yonse ingotsika kufika pa 186, chifukwa tsopano S3 ndiye ikuchedwetsa. Mwalipira 30, mwapindula 12. Mukanafulumizitsa za danga 0, zomwe C4 ndi S3 zonse zimadutsamo, mukanapindula 30 yonse. N'chifukwa chake ukasintha geti limodzi umayenera kuwerengeranso tebulo lonse. Njira yochedwetsetsa imasamuka.

Mapulogalamu opangira machipi amachita ndendende zimene tachitazi, kungoti pa mageti mamiliyoni. Mu Vivado lamulo lake ndi `report_timing`, mu OpenSTA ndi `report_checks`, ndipo mpata uja umalembedwa `slack`. Ukakhala ndi chizindikiro chochotsera kutsogolo, siginolo ikufika mochedwa kuposa mmene ikufunikira.

Kodi 198 ingachitikedi?

Apa ndi pamene nkhaniyi imakoma. Nambala ya 198 ndi yodalirika, palibe chipi yabwino imene ingaipitirire pa voteji, kutentha ndi katundu wa pa detashiti, katunduyo pokhala kapasitansi imene geti likudyetsa. Koma taipeza posakaniza manambala omwe sangachitike pamodzi. Tatenga 30 ya XOR, yomwe ndi ya kukwera, n'kuiphatikiza ndi 20 ya AND, yomwe ndi ya kutsika. Mageti a AND ndi OR satembenuza siginolo. P0 ikakwera, T0 ikwera, C1 ikwera, mpaka kumapeto zonse zikwera. Ndiye tiyenera kutsata maulendo awiri payekhapayekha.

Ulendo wa kukwera: XOR 30, kenako danga lililonse 15 ndi 22, zomwe ndi 37. Zonse pamodzi 30 ndi 148, yankho 178. Ulendo wa kutsika: XOR 22, kenako danga lililonse 20 ndi 22, zomwe ndi 42. Zonse pamodzi 22 ndi 168, yankho 190. Tatsika kale kuchoka pa 198 kufika pa 190. Ikanakhala sekiti ya mageti a NAND, omwe amatembenuza, tikanasinthanitsa tPLH ndi tPHL pa geti lililonse, chifukwa kukwera kwa cholowa kumabweretsa kutsika kwa chotuluka.

Tsopano tifunse ngati 190 nayo ingachitike. Kuti kusintha kudutse pa geti la AND, mwendo wina uyenera kukhala pa 1. Ukakhala pa 0, chotuluka chakakamira pa 0 zivute zitani. Kuti kudutse pa OR, mwendo wina uyenera kukhala pa 0. Ndiye njira yathu kuti itseguke, C0 ikhale 1, P1, P2 ndi P3 zikhale 1, ndipo ma G onse akhale 0. Nambala ya 22 ya XOR ija ndi ya pamene mwendo wina uli pa 1. Tinene kuti B0 ili pa 1, ndipo kuti P0 itsike, A0 iyenera kukwera kuchoka pa 0 kufika pa 1. Koma A0 ndi B0 zikakhala 1 zonse, G0 ikhala 1. G0 ikulowa mu OR wa C1, ndipo igwira C1 pa 1 mosasamala kuti T0 ikuchita chiyani. C1 inali 1 poyamba, ikhalanso 1 pomaliza. Kutsika kwa T0 kwafera pomwepo. Njira ya 190 ilipo pa chojambula, mawaya ake mukhoza kuwaloza ndi chala, koma palibe manambala amene angayendetse siginolo kudutsamo mpaka kumapeto. Imeneyi ndiye imatchedwa njira yabodza.

Chotsala ndi pamene B0 ili pa 0 ndipo A0 ikutsika. Pamenepo G0 ikhalabe 0, XOR ichedwa 17, ndipo madanga anayi awonjezera 168. Yankho ndi 185. Pa kusintha kwa mwendo umodzi wolowera, kumeneku ndiye kuchedwa kwakukulu kumene sekitiyi ingaonetse.

Ulendo wa 178 uja nawo uli ndi kake. Umafuna B0 pa 1 ndi A0 ikutsika, C0 ili pa 1. Poyamba C1 ndi 1 chifukwa cha G0, pomaliza ndi 1 chifukwa cha T0. Pa tebulo la 0 ndi 1 palibe chasintha. Koma G0 ikhoza kutsika pofika 20, pamene T0 ikhoza kuchedwa kukwera mpaka 45. Pakati pamenepo geti la OR likuona 0 mbali zonse, ndipo C1 ikhoza kugwa kwa kanthawi n'kudzukanso. Kakuphethiraka kamayenda m'madanga onse. Choncho ulendo umenewu suli wabodza ngakhale kuti C1 yoyamba ndi yomaliza ndi zofanana.

Ndiye mulembe iti, 198 kapena 185? Pa mayeso, tsatani zimene funso lakupatsani. Likapereka nambala imodzi pa geti, yankho ndi la mtundu wa 198. Pa sekiti yoti igwiritsidwe ntchito, ine ndingakhale ndi 198 pokhapokha ngati ma nanosekondi 13 amenewo akufunikadi. Kuchotsa njira poitcha yabodza ndi chinthu chofuna umboni ngati umene tapereka pamwambapa. Mapulogalamu amalola kulemba `set_false_path`, ndipo akangouzidwa choncho amasiya kuyang'ana njirayo osafunsanso. Ukauza pulogalamu zabodza, lipoti limatuluka loyera, vuto n'kukatulukira pa bolodi.

Zimene zimatuluka yankho lisanafike

Kuti muone 185 ija, ikani C0 pa 1, B pa 0000, ndipo A isinthe kuchoka pa 1111 kupita pa 1110. Poyamba samu ndi 15 kuphatikiza 0 kuphatikiza 1, yankho 16, lolembedwa 10000. Pomaliza ndi 14 kuphatikiza 1, yankho 15, lolembedwa 01111. Mwasintha biti imodzi yokha, koma miyendo isanu yonse yotulukira iyenera kusintha, ndipo siisintha limodzi. Ndi manambala a MAX zikuyenda chonchi:

```
t (ns)   C4 S3 S2 S1 S0
0        1  0  0  0  0    16
47       1  0  0  0  1    17
89       1  0  0  1  1    19
131      1  0  1  1  1    23
173      1  1  1  1  1    31
185      0  1  1  1  1    15
```

Sekiti ikuchoka pa 16 kupita pa 15, koma panjira yanena 17, 19, 23 ndi 31. Mukamangirira timagetsi ta LED simudzaona chilichonse mwa zimenezi, diso silingagwire chinthu cha nanosekondi 40. Koma filipifulopu, kasekiti kosunga biti pamene koloko yagunda, ikagwira pa nanosekondi ya 180, isunga 31, ndipo 31 ameneyo apita patsogolo ngati yankho loona.

Apa ndi pamene kuchedwa kumakumana ndi koloko. Kawirikawiri sekiti yathu imakhala pakati pa magulu awiri a mafilipifulopu, lina lopereka A ndi B, lina lolandira yankho. Nthawi ya pakati pa kugunda kuwiri kwa koloko iyenera kukwanira zinthu zitatu: kuchedwa kwa filipifulopu yopereka, njira yochedwetsetsa, ndi nthawi imene yolandirayo imafuna kuti cholowa chikhale chitakhazikika koloko isanagunde.

```
T >= tclk-q + tpd + tsetup
```

Chipi ya mafilipifulopu ya 74LS74 imachedwa mpaka 40 ns kuti mwendo wake wotulukira Q utsike, ndipo imafuna 20 ns ya kukhazikika. Ndi 198 tipeza 258 ns, ndiye koloko isapitirire mamegahezi 3.8. Ndi 185 tipeza 245 ns, mamegahezi 4 ndi kakang'ono pamwamba. Amene anapeza 168 uja akanaika 228 ns, pafupifupi mamegahezi 4.4.

Chizindikiro cha sekiti imene koloko yake yathamanga mopitirira n'chodziwika. Masamu ambiri amatuluka bwino, chifukwa pa manambala ambiri yosunga siyenda madanga onse. 2 kuphatikiza 1 palibe yosunga n'komwe. Zolakwa zimatulukira pa manambala ochepa okha, monga 15 kuphatikiza 1, ndipo zimakhala pa mabiti a kumanzere. Mukatsitsa liwiro la koloko zimatha. Vuto la waya wolumikizidwa molakwika silitero, limakhalapo pa liwiro lililonse. Vuto linanso limene silitha ndi kutsitsa koloko ndi la njira yofupikitsitsa, pamene siginolo yatsopano ifika msanga n'kusokoneza filipifulopu isanamalize kugwira yakale. Limenelo limawerengedwa ndi kuchedwa kochepetsetsa, komwe madetashiti a mageti a 74LS amenewa sapereka.

Pa osilosikopu

Wophunzira wina atamanga sekitiyi anabwera nkhope ili gwaa. "Aphunzitsi, tawerengera 185, koma makina akuonetsa cha m'ma 100. Talakwitsa pati?" Sanalakwitse. Tengani manambala a TYP a ulendo womwewo: XOR 10, AND 10, OR 14. Mupeza 10 kuwonjezera 24 kanayi, zomwe ndi 106. Zimene anayeza ndi machipi ake a tsiku limenelo. Zimene anawerengera ndi lonjezo la wopanga pa machipi onse a dzinalo. Ngozi ili pa kukhulupirira 100 ameneyo n'kuthamangitsa koloko, kenako chipi imodzi ikapsa n'kuikapo ina ya m'gulu lochedwerapo.

Poyeza, lowetsani siginolo yobwerezabwereza pa A0, zina zonse zitamangidwa monga tanenera, pulobu imodzi pa A0 ina pa C4, ndipo muwerenge mtunda pakati pa malo amene iliyonse ikudutsa mavoti 1.3. Pulobu ikhale pa 10X. Manambala a 74LS anayezedwa ndi katundu wa mapikofaradi 15 okha, pamene pulobu ya pa 1X imatha kuwonjezera pafupifupi 100, ndiye mukhala mukuyeza kuchedwa kumene mwabweretsa nokha. Osilosikopu yakale ya mamegahezi 20 payokha imatenga cha m'ma 17 ns kuonetsa kukwera, choncho siingakuuzeni zoona za geti limodzi, ngakhale kuti pa njira yonse ya 100 ns ikhoza kuthandiza.

Katundu, voteji ndi kutentha zimasuntha manambala onsewa. Geti lodyetsa mageti ambiri limachedwa kuposa lodyetsa limodzi, ndipo mu sekiti yathu yosunga iliyonse ikudyetsa awiri, XOR ndi AND. Pa machipi a 74HC voteji ndiye imalamulira kwambiri. Geti la NAND la 74HC00 lili ndi MAX ya 18 ns pa mavoti 4.5, koma pa mavoti 2 ndi 90 ns, kasanu. Sekiti yoyendera mabatire imatha kuyamba kulakwitsa masamu mabatire akamafooka, magetsi ake akadayakabe. Kutentha nako kumachedwetsa machipi amenewa: 18 ija ndi ya pa madigiri 25, ndipo detashiti yomweyo imalemba 23 pa kutentha konse mpaka madigiri 85. Bolodi yoyezedwa m'mawa wa Juni kuno ku Zomba si yofanana ndi yotsekeredwa m'bokosi lachitsulo pa dzuwa la Okutobala ku Kachulu, ndipo danga loyenera kuwerengera nalo ndi la kutentha konselo.

Mawaya pa machipi ochedwa ngati awa sasokoneza kwambiri samu yathu. Siginolo imatenga cha m'ma 5 ns kuyenda mita imodzi ya chingwe, ndiye waya wa masentimita 10 sufika ngakhale nanosekondi imodzi. M'kati mwa FPGA, chipi imene mageti ake umawalumikiza ndi pulogalamu, ndi m'machipi ena amakono zimatembenuka: mageti amathamanga kwambiri moti mawaya olumikiza nthawi zambiri amatenga gawo lalikulu la kuchedwa, ndipo lipoti lodalirika ndi lotuluka mageti ataikidwa kale m'malo mwake.

Mabiti akachuluka

Mwa njira yoyamba ija, kuchedwa kwa sekitiyi ndi 30 kuwonjezera 42 pa biti iliyonse. Mabiti 8 apereka 366 ns, mabiti 16 apereka 702 ns, mabiti 32 apereka 1,374 ns. Kugula mageti othamanga kumachepetsa 42 uja, koma kukula kwake kumatsatabe chiwerengero cha mabiti. Mankhwala enieni ndi kusintha kamangidwe kuti yosunga isamadikire danga ndi danga. Tebulo lathu laonetsa kale poyambira: ma P ndi ma G onse akhala atakonzeka pofika 30 ns, n'kumangodikira. Kuchokera kwa iwo tikhoza kulemba yosunga iliyonse mwachindunji:

```
C2 = G1 OR (P1 AND G0) OR (P1 AND P0 AND C0)
```

Apa C2 ikudutsa XOR imodzi, AND imodzi ndi OR imodzi, osadikira C1. C3 ndi C4 zimalembedwa chimodzimodzi, kungoti mageti ake amakula miyendo: C4 imafuna OR wa miyendo isanu ndi AND wa miyendo isanu. Mageti a miyendo yambiri amachedwerapo, ndipo P ndi G iliyonse tsopano ikudyetsa mageti ambiri, n'chifukwa chake kamangidweka kamachitidwa m'magulu a mabiti anayi. Chipi ya 74LS283 ndi sekiti yophatikiza ya mabiti anayi yomangidwa motere m'kati mwake, ndipo detashiti yake imalonjeza yankho pasanapitirire 24 ns, pamene ya mageti athu 20 inafuna 185. Mukalumikiza ziwiri kuti mupeze mabiti 8, yosunga ya yoyamba ikulowa mu yachiwiri, ndipo muwerengera monga tinachitira poyamba paja: nthawi yochokera pa A0 mpaka C4 ya chipi yoyamba, kuwonjezera yochokera pa C0 ya yachiwiri mpaka chotuluka chake chochedwa kwambiri.